Dzina latsopano pa chikwangwani chakale

Tiyerekeze golosale ya pamsika, chikwangwani chake ndi lata losalala lopakidwa penti wachikasu. Pamwamba pali dzina lakuti TIKONDANE, lolembedwa ndi penti wofiira mokhota ngati uta, m'munsi muli mawu ang'onoang'ono akuti GOLOSALE. Lakhala pa dzuwa ndi mvula zaka zambiri, moti kufiira kunafwifwa, penti anasupuka apo ndi apo, ndipo dzimbiri la misomali linayenderera n'kusiya mizere. Amene wagula golosaleyi akufuna dzina likhale TIDALIRANE, koma asanalipire wolemba zikwangwani akufuna ayambe waona pa chithunzi mmene dzinalo lidzakhalire. Ntchito yotere ndi yabwino. Kusintha dzina la sitolo ya wina kuti mupusitse anthu ndi chinyengo, ndipo nkhani ino siikunena zimenezo.

Ambiri amafufuta dzina lakale, n'kulemba latsopano pa kompyuta, n'kulikhotetsa pang'ono. Ngakhale mwana amazindikira kuti zilembozo zachita kuikidwa. Chifukwa chake n'chakuti pa chikwangwani chenicheni zinthu zinabwera motsatana: kunayamba lata, kenako penti, kenako dzuwa ndi mvula, pomaliza kamera. Zilembo zakale zinadutsa mu zonsezi, pamene zatsopano sizinaone dzuwa ngakhale tsiku limodzi. Ntchito yonse yagona pa kuzidutsitsa m'njira yomweyo.

Ndifotokoza ndi GIMP, pulogalamu yaulere ya pa kompyuta, ngakhale zida zofanana nazo zilimo mu Photoshop ndi Photopea. Pemphani chithunzi chenicheni chochokera m'foni. Ngati chikubwera pa WhatsApp, achitumize ngati Document, chifukwa chikatumizidwa mwachizolowezi chimachepetsedwa ndipo timing'alu ta penti timene mukutifuna timasowa. Musagwire ntchito pa chithunzi choyambacho. Kusintha kulikonse kuzikhala pa leya yakeyake, lomwe ndi pepala loonekera mkati loyalidwa pamwamba pa chithunzi, kuti mukalakwitsa muzichotsa pepalalo basi.

Wojambula nthawi zambiri amaima cham'mbali kapena cham'munsi, choncho mbali ina ya chikwangwani imaoneka yaifupi. Pangani kope, tengani chida cha Perspective, sankhani Corrective (Backward), muike ngodya zinayi za chidacho pa ngodya zinayi za lata. Chikwangwani chiongoka ngati mwaima kutsogolo kwake penipeni. Kope limeneli ndi lokonzerapo zilembo. Mukamaliza mudzangobweza zilembo zatsopanozo ku chithunzi choyamba n'kuzipendeketsa ndi chida chomwechi, chifukwa chithunzi chikapindidwa kawiri chimataya kuthwa kwake.

Funso limene anthu amathamangira ndi lakuti fonti yake ndi iti. Ngati chikwangwani chinasindikizidwa pa makina, funsolo lili ndi yankho: WhatTheFont kapena Match Font ya mu Photoshop imayerekeza zilembo za pa chithunzi n'kukupatsani mafonti oyandikira. Koma zikwangwani zambiri za m'misika mwathu zinalembedwa ndi burashi, ndipo dzanja la munthu lilibe fonti. N ziwiri za mu TIKONDANE sizifanana ndendende. Ine ndimaona kuti kusaka fonti pamenepa n'kutaya nthawi, chifukwa zilembo zabwino koposa zili kale pa lata pomwepo.

Lembani mayina awiriwo moyandikana muone. TI wa koyambirira ndi ANE wa kumapeto sakusintha, choncho musawakhudze n'komwe. Chochoka ndi KOND, cholowa ndi DALIR. D, A ndi I alipo kale, n'kungowakopera. L mumupanga kuchokera kwa E pochotsa kamzere kapamwamba ndi kapakati. N'zoona kuti mu GOLOSALE muli L awiri, koma ndi aang'ono, ndipo mukawakuza amabwera osathwa, mizere yawo yosiyana kunenepa ndi ya anzawo. R yekha ndiye wovutirapo. Tsinde lake ndi mwendo wake mutenga kwa K amene akuchokayo, ndipo mimba yake mujambula ndi chida cha Paths motsanzira kukhota kwa D. Yezani kunenepa kwa mzere musanayambe. Ngati zilembo n'zotalika mapikiseli 300 ndipo tsinde la T n'lonenepa mapikiseli 60, mimba ya R nayo ikhale 60. Mukangochepetsa D kuti akhale mimba, mzere wake uwonda, ndipo R aoneka mlendo pakati pa abale ake.

Koperani zilembo zonse zofunikazo pa maleya awo musanafufute kalikonse. Kenako sankhani KOND, mukuze chosankhacho ndi mapikiseli 3 kapena 4 kudzera pa Select > Grow, chifukwa m'mphepete mwa chilembo mumakhala kufiira kosakanikirana ndi chikasu kumene kumatsala ngati chithunzithunzi cha chilembo chakale. Dzazani malowo ndi chida cha Clone, chimene chimakopera lata kuchokera pamene mwaloza mutagwira Ctrl. Tengani pafupi ndi pamene mukudzaza, pakuti chikasu cha pansi pa denga sichifanana ndi cha pamene dzuwa limawomba, ndipo muzisinthasintha potengapo kuti kadontho kamodzi kasaoneke kasanu pamzere. Chida cha Heal n'chosalazira polumikiza. Mzere wa dzimbiri ukalowa pansi pa K kuchokera kumwamba, uyenera kutulukira kumunsi pamalo olunjika, musaudule panjira.

Pa kukhota ndi pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa pali njira yosavuta imene ambiri saidziwa. Wolemba zikwangwani akafuna uta, kawirikawiri amamanga choko ku chingwe, n'kukhoma mbali inayo pansi, n'kuzunguza. Ndiye kuti zilembo zonse zimaloza malo amodzi, pamene panali msomali wa chingwecho. Malowo mungawapeze. Pa leya yatsopano jambulani mzere wotsata tsinde la T kutsikira m'munsi, wina wotsata tsinde la E womaliza. Pamene ikumane ndi pamenepo, ngakhale patakhala kunja kwa lata. Onjezani mzere wachitatu wochokera kwa I kuti mutsimikize.

Tsopano tengani D wokopera uja ndi chida cha Rotate, koma musamuzunguze pa mchombo wake. Kokerani kadontho kozungulirapo mpaka pamalo mwapeza aja, kapena lembani manambala ake pa Center X ndi Center Y. Mukasintha Angle, D ayenda yekha motsata uta, akupendekeka moyenera, phazi lake lili pamzere womwe anzake aima. Ngati T wapendekera kumanzere ndi madigiri 24 ndipo E kumanja ndi 24, D achoka pafupifupi pa madigiri 6 kumanja kupita pa 14 kumanzere, ndiye kuti mulemba -20. Chitani chimodzimodzi ndi A, L, I ndi R. Zilembo zisanu zikulowa pamene panali zinayi, koma I ndi L ndi opyapyala, choncho malo atha kukwana. Akachepa pang'ono, fupikitsani phazi la L ndi mipata ya pakati, musafinye zilembo. Mipata imayezedwa ndi diso, osati ndi rula: A ndi L amasiya mpata wambiri cha kumwamba, motero amafuna kuyandikana ndi anzawo kuposa zilembo zoongoka.

Mizere itatu ija ikakana kukumana pamodzi, uta wake si chidutswa cha bwalo. Pamenepo jambulani mizere iwiri ndi Paths, wa kumapazi ndi wa kumitu ya zilembo, muziika chilichonse pachokha. GIMP ili ndi Text along Path, koma imagwira pa zilembo zotayipa zokha.

Kuzunguza kuli ndi msampha wake. Chilembo chimayenda ndi zipsera zake. Mzere wa madzi umene unatsika molunjika pa D tsopano wapendekeka ndi madigiri 20, pamene mvula siyenderera cham'mbali. A ali kawiri m'dzina, onse osupuka pamalo amodzimodzi. Ndipo ngati wolemba anaika mthunzi wakuda kumunsi chakumanja kwa chilembo chilichonse, onani ngati mthunziwo umatsata uta kapena umagwera mbali imodzi pa zilembo zonse. Ukakhala wa mbali imodzi, uchotseni musanazunguze, mudzaujambule pambuyo. Choncho chilembo chosamutsidwa chiyambe chachiritsidwa ndi Heal, kenako chikalambitsidwe mwatsopano pamalo pake patsopano.

Mtundu musausankhe ndi mutu. Tengani chida cha Color Picker, yatsani Sample average kuti chisakanize timadontho tambiri, mudine pa I ndi A amene ali pafupi ndi malowo. Mudabwa kupeza kuti chimene diso limati n'chofiira chayandikira mtundu wa njerwa. Mbali imene imapsa ndi dzuwa imafwifwa kwambiri, choncho D afanane ndi TI, R afanane ndi ANE.

Kusupuka kwa penti kukhale kochokera pa lata lenilenilo. Pangani kope la lata lofufutidwa lija, lichotseni mtundu ndi Colors > Desaturate, kenako ndi Colors > Levels kokerani mpaka lata liyere mbee, zipsera ndi dzimbiri zide bii. Ikani chithunzi chimenechi mu Layer Mask ya zilembo zatsopano. Pamene pali pakuda chilembo chibooka, lata n'kuonekera. Mkwaso umene unayambira pa chikasu upitirira pa L n'kutulukira mbali ina, monga zimachitikira munthu akakhulitsa njinga pa chikwangwani. Ena amangoika leya pa Multiply. Zimathandiza zilembo zikakhala zakuda kuposa lata, koma zimasintha mtundu, ndipo zilembo zoyera pa lata lobiriwira zimangosoweratu. Musapyoze muyezo: yang'anani T ndi N, ngati anasupuka pang'ono, R asaoneke ngati wadyedwa ndi chiswe.

Chotsiriza ndi kamera. Bwezani zilembo ku chithunzi choyamba, mukuze kufika 300%, muyerekeze m'mphepete mwa R ndi mwa A woyandikana naye. Mimba yojambula pa kompyuta imakhala yakuthwa kwambiri, pamene ya kamera imasungunuka pa mapikiseli angapo. Gaussian Blur wa pikiseli 1 kapena 1.5 amakwanira pa zithunzi zambiri za foni. Mukatero onjezani timchengamchenga ta kamera ndi Filters > Noise > HSV Noise, pang'ono zedi, ndipo kuzikhala pambuyo pa Gaussian Blur, apo ayi mutisalaza tonse.

Poyesa, kwezani Contrast kwambiri kwa kanthawi: mthunzi wa KOND ukatsala uonekera pomwepo, limodzi ndi malo amene Clone anasalaza mopitirira. Kenako chepetsani chithunzi chifanane ndi cha pa foni, mupatse munthu amene sakudziwa dzina lakale, mumufunse kuti aloze zilembo zimene zasinthidwa. Akaloza R, yambani mwaona kunenepa kwa mimba yake. Sungani fayilo ya XCF yokhala ndi maleya onse, JPEG muitulutse kamodzi kokha kumapeto, chifukwa mwini golosale akhoza kubwera mawa atasintha maganizo pa dzina.