Kubwezera mtundu pa chithunzi chakale cha tchalitchi cha Mishoni ya Blantyre

Aliyense amene anadutsapo pa Mishoni ya Blantyre, pafupi ndi sukulu ya HHI, amachidziwa tchalitchi cha St Michael and All Angels. Njerwa zake n'zofiira ngati katondo, ndipo dzuwa likamapendeka zimawala ngati makala osazima. Koma tatengani chithunzi chake cha m'zaka za m'ma 1890. Makoma akuoneka bii, thambo lili mbee, lopanda ndi kamtambo komwe. Munthu wofuna kupaka mitundu pa chithunzi chotere amayamba ndi mtima umodzi: njerwa n'zofiira, thambo n'labuluu, udzu n'wobiriwira, basi ntchito yatha. Akamaliza amapeza tchalitchi chooneka ngati chiwindi cha ng'ombe chitaima pansi pa thambo loyera ngati pepala. Ndazionapo zithunzi zambiri zotere, ndipo zimandipweteka mtima chifukwa zimanamizira nyumba yomwe anthu anaikhetsera thukuta.

Tchalitchichi chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, yemwe sanaphunzirepo za mapulani a nyumba. Amisiri anali anthu akonkuno. Njerwa anaziumba ndi kuziotcha pamalo pomwepo, ndipo zikombole zake zinali zosiyanasiyana, zokwana 81. Mfundo imeneyi tiisunge, tidzaifuna kutsogoloku.

Gwero la vuto lili mu kamera ya nthawi imeneyo. Ojambula ankagwiritsa ntchito magalasi opakidwa mankhwala omva kuwala, koma mankhwalawo sankamva mitundu yonse mofanana. Kuwala kwabuluu ankakumva kwambiri, pomwe kofiira ankakhala ngati sakukuona n'komwe. Magalasi omva mitundu yonse anayamba kugulitsidwa cha m'ma 1906, ndipo panapita zaka ojambula ambiri asanawazolowere. Choncho pa chithunzi cha m'ma 1890 chinthu chofiira chimatuluka chakuda kuposa momwe maso akanachionera, ndipo chabuluu chimatuluka choyera. Njerwa za tchalitchi chathu sizinali zakuda. Galasi ndilo linali lakhungu pa zofiira. Thambo nalo silinali lopanda mitambo. Buluu wa thambo ndi kuyera kwa mitambo zonse zinapsa pamodzi n'kusanduka chinthu chimodzi choyera. Mukafuna kudziwa ngati chithunzi chanu n'cha mtundu umenewu, yang'anani thambolo, kenako nkhope za anthu, zomwe zimada mopitirira. Pakakhala mbendera ya Britain ndiye umboni wakwana: mtanda wofiira umaoneka wakuda, pomwe pabuluu pamatuwa.

Tisanafike pokonza zimenezi, chithunzi chiyenera kulowa m'kompyuta bwinobwino. Musachijambule ndi foni ngati pali sikana. Chithunzi cha masentimita 10 ndi 15 mukachisikana pa 600 dpi chimapereka mapikiselo pafupifupi 2,360 ndi 3,540, okwanira kuona mzere wa pakati pa njerwa. Sankhani 16-bit ndipo musunge ngati TIFF. Chifukwa chake n'chakuti 8-bit imangosunga masitepe 256 kuchokera pakuda kufika poyera, pomwe 16-bit imasunga 65,536, ndipo ife tikukawalitsa malo akuda kwambiri. Masitepe akachepa, khoma limatuluka mizeremizere ngati nsalu yosuluka. Mukatero chotsani chikasu cha ukalamba, mufufute madontho a nkhungu ndi mikwingwirima. Koma musasalaze khoma ngati nkhope ya mkwatibwi. Timadontho ta m'chithunzi ndi timene timasunga kukhakhala kwa njerwa.

Tsopano siyani kompyuta, mupite mukaione nyumbayo. Chithunzi chakuda ndi choyera chimasunga kuwala kokha, mtundu sichisunga, ndipo kutuwa kumodzi komweko kungachokere ku chitseko chobiriwira kapena chofiirira. Palibe masamu amene angabweze zimene galasi silinalembe. Mtundu umafunidwa kunja kwa chithunzi, monga momwe nyakwawa imafunira mboni pa mlandu wa malire. Mwayi wathu n'ngwakuti tchalitchichi chikadalipo. Pitani tsiku la mitambo, pamene dzuwa silikupaka chikasu pa zinthu, mujambule khoma chapafupi m'malo asanu kapena asanu ndi limodzi: pansi pomwe mvula imathovukira, pakati, pamwamba, ndi pansi pa zokongoletsa pomwe madzi safika. Njerwa ya pamalo obisika ndiyo ili pafupi ndi mtundu wa mu 1891, poti ya pamtetete yamenyedwa ndi mvula, ndere ndi utsi kwa zaka zoposa 130. Pa zinthu zimene zimasinthidwa, monga denga, zitseko ndi penti, musakhulupirire za lero. Fufuzani m'mabuku ndi m'makalata akale ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, kapena ku National Archives ku Zomba. Pomwe umboni wasowa, pakani mtundu wofatsa wosakopa maso.

Tibwerere ku kompyuta. Mu Photoshop kapena mu GIMP, yomwe n'njaulere, ntchito imachitikira pa zimene pulogalamu imazitcha Layer. Ziganizireni ngati mapepala oonekera osanjikizidwa pamwamba pa chithunzi. Chinthu chilichonse chikhale ndi pepala lakelake: njerwa, denga, matabwa, nthaka, masamba, zovala, thambo. Pepala lililonse likhale ndi Mask, chotchinga chimene chimalola utoto kugwera pamalo ake okha. Kudula zotchingazi n'kumene kumadya maola ambiri, makamaka pa nsanja ndi pa njerwa zosemedwa zija, ndipo palibe njira yachidule. Kudula mosasamala kumaonekera msanga: kamzere kofiira kamatayikira m'thambo m'mphepete mwa nsanja.

Pepala la utoto mumaliika pa Color mu Photoshop, kapena pa LCh Color mu GIMP. Zikatero utoto umasintha mtundu wokha, kuwala kwa pansi kumatsala momwe kunaliri. Apa m'pamene chiwindi chija chimabadwira. Galasi linadetsa njerwa, ndiye mukathira kufiira pa mdima umenewo mumapeza kufiira kwakuda kumene njerwa yootcha ilibe. Mankhwala ake n'kuyamba mwawalitsa khoma musanalipake. Tsegulani Curves pansi pa chotchinga cha njerwa chokha, mukweze pakati pa mzerewo pang'onopang'ono. Poyezera pake mupeze chonchi: tengani chithunzi chanu cha lero, muchichotse mitundu, muone kuti khoma latuwa motani poyerekeza ndi chinthu choyera chapafupi, ndipo chakalecho muchikokere chakomweko. Mukayamba kuona timadontho tikutumphuka m'mithunzi ngati mchenga, mwapitirira, bwererani pang'ono.

Tsopano tikumbuke njerwa zootchedwa pamalopo zija. Aliyense amene anaphwasulapo uvuni amadziwa kuti njerwa sizipsa mofanana. Za pafupi ndi moto zimada, zina mpaka kuchita ngati zofiirira. Za pakati zimafiira bwino. Za kunja zimatuluka zotumbuluka, zopita ku chikasu. Khoma lomangidwa ndi njerwa zotere silingakhale la mtundu umodzi, ndipo diso la Mmalawi limadziwa zimenezi ngakhale mwini wake sanaziganizirepo. N'chifukwa chake khoma lopakidwa kufiira kumodzi limaoneka ngati pulasitiki. Yalani kaye mtundu wa pakati pa khoma lonse. Pa pepala lina, ndi burashi yofewa ya Opacity ya 10 kapena 15 peresenti, donthezani mitundu ina ija munatola pa nyumba yeniyeni. Musamwaze chisawawa. Lolani chithunzi chikutsogolereni: njerwa yomwe yada kale ilandire wofiirira, yotuwa ilandire wotumbuluka. Mizere ya pakati pa njerwa muichepetse utoto. Gawo limeneli ndi limene ndimalikonda, chifukwa m'pamene munthu umayamba kuona manja a amene anaumba.

Kuwala nako kuli ndi mtundu. Mbali yomwe dzuwa likumenya imapendekera ku chikasu. Mthunzi suunikiridwa ndi dzuwa koma ndi thambo, choncho umapendekera ku buluu, ndipo kufiira kwake kumazilala. Ikani pepala lina la buluu wochepa kwambiri pa mithunzi yokha. Komanso nthaka yofiira imabweza kuwala kwake m'mwamba, motero kunsi kwa makhonde ndi kwa zipata zokhota kumatenthera pang'ono. Zakutali, monga mitengo ya kumbuyo kapena phiri, zichepe utoto ndipo zipite ku buluu wotuwa, monga momwe phiri la Ndirande limaonekera mukaliyang'ana muli patali.

Thambo lili ndi vuto lakelake. Color sigwira pa malo oyera mbee, poti choyera chimakhalabe choyera. Pamenepa gwiritsani ntchito Multiply, ndi buluu wozama pang'ono kumwamba yemwe akunka natuwa potsikira kumapiri. Ambiri amakopeka kumata mitambo yokongola yochokera pa chithunzi china. Ine sindivomereza. Mitambo ya tsikulo inapita, ndipo yobwereka kawirikawiri imaunikiridwa kuchokera kumbali ina yosiyana ndi mithunzi ya nyumba, bodza n'kuonekera poyera.

Udzu usafulumire kubiriwira. Funsani kaye kuti inali nyengo yanji. Blantyre ali kumwera kwa ikweta, choncho mu Juni ndi Julayi dzuwa la masana limakhala chakumpoto, ndipo mithunzi imagwera kumwera, yotalikirapo. Cha mu Novembala ndi Febuluwale limadutsa pamutu, mithunzi n'kubisala kunsi kwa khoma. Mukaona mithunzi yogwera kumwera, udzu wofupika ndi njira ya fumbi, mukapaka kubiriwira kwa dzinja ndiye kuti mwasokoneza miyezi. Udzu wa chilimwe n'ngwotuwa mopita ku chikasu.

Mukaganiza kuti mwamaliza, yesani ntchito yanu. Chotsani mitundu yonse kwa kanthawi, muyerekeze ndi chithunzi choyamba: kupatula khoma lomwe munawalitsa ndi thambo, zonse zifanane. Kenako chepetsani chithunzi chikhale ngati bokosi la machesi. Mtundu umene ukukuwa kuposa anzake pa kukula kumeneko ndiwo wachuluka, ndipo nthawi zambiri umakhala wobiriwira. Gonani, mudzachionenso m'mawa, chifukwa maso akayang'ana kufiira kwa maola atatu amasiya kukumva. Ndipo muchionetse kwa mmisiri womanga nyumba, osati kwa katswiri wa kompyuta. Iye akanena kuti njerwa zotere sanazionepo, mumvereni.

Chithunzi chopakidwa chikangotuluka m'manja mwanu chimayenda pa mafoni, ndipo pakapita miyezi ingapo anthu amachitenga ngati umboni wa momwe zinthu zinaliri. Chonde lembani pa chithunzi penipenipo, osati pambali pomwe wina angadule, kuti mitundu inawonjezedwa, chaka chimene munapaka, ndi komwe choyambirira chikusungidwa. Ndipo chakuda ndi choyeracho muchisunge osachikhudza, kuti wodzapeza umboni woposa wanu adzakhale ndi poyambira.