Mijigo ikachedwa, maminitsi a msonkhano wa madona azinena chiyani?

Mabungwe ang'onoang'ono achitukuko amakumana ndi madona awo kawirikawiri, ena pakatha miyezi itatu iliyonse, kuti aone pomwe ntchito yafika. Zokambirana zonse mlembi amaziika m'maminitsi, ndipo mkangano ukadzabuka, onse amathamangira pepala lomwelo.

Tiyerekeze kuti bungwe lidalonjeza kukumba mijigo 10 pofika Disembala. Mlembi wosazolowera amangolemba kuti ntchito ikuyenda bwino ngakhale pali zovuta zina. Mawu otere sathandiza munthu. Wodziwa ntchito amalemba kuti mijigo 6 yatha, iwiri adakumba koma madzi sadapezeke, ndipo iwiri sinayambike chifukwa galimoto yokumbira ikutitimira m'matope.

Nawonso mawu oti yatha amafuna kumasulira. Kwa kontilakita, mjigo watha madzi akatuluka. Kwa mayi wotunga, watha pampu ya Afridev ikaikidwa, simenti yozungulira ndi ngalande zikawakidwa, madzi akayezedwa kuti ndi abwino kumwa, komanso komiti ya pamjigo ikaphunzitsidwa kusintha marabala akatha. Maminitsi akapanda kunena tanthauzo lomwe agwirizana, lipoti lidzati mijigo ilipo 6 pomwe anthu akumwabe madzi apachitsime.

Povuta kwenikweni ndi pa kusintha ndondomeko ya ntchito. Bungwe lija lipempha kuti mijigo yotsalayo idikire mpaka Juni, misewu ikauma. Nthawi iwonjezeka koma ndalama ayi, ndiye pamafunika kunena poyera komwe malipiro a ogwira ntchito m'miyezi yowonjezerayo achokere. Nanga mabowo ouma aja, alipira ndani? Makontilakiti ena amalipira mjigo wotulutsa madzi wokha, ena amalipira mita iliyonse yokumbidwa, choncho mlembi atchule zomwe kontilakiti yawo ikunena.

Woimira dona akhoza kugwedeza mutu n'kunena kuti palibe vuto. Apa mpomwe mabungwe ambiri amagwera m'mbuna. Nthawi zambiri wobwera kumsonkhano alibe mphamvu zosintha bajeti kapena tsiku lomalizira, ndipo chilolezo chenicheni chimabwera m'kalata yochokera kwa akuluakulu ake. Mlembi asiyanitse zomwe zangokambidwa, zomwe zavomerezedwa, ndi zomwe zikudikira kalata. Bungwe likasuntha ndalama za maphunziro a makomiti n'kulipirira kukumba popanda kalatayo, ofufuza za chuma angadzalamule kuti lizibweze, ngakhale palibe tambala yomwe idabedwa.

Pa chogwirizana chilichonse palembedwe udindo wa yemwe achite ndi tsiku lake: mkulu wa pulojekiti atumize ndondomeko yatsopano pofika pa 15 Januwale, dona ayankhe pasanathe masabata awiri. Maminitsi atumizidwe anthu asanaiwale, asainidwe mbali zonse, ndipo msonkhano wotsatira uyambire pa mfundo zomwezo.

Chondidandaulitsa n'chakuti eni mijigo sauzidwa zimenezi. Inu a komiti ya chitukuko cha m'mudzi, pemphani bungwe lidzakuwerengereni m'Chichewa gawo lokhudza mudzi wanu, ndipo tsiku latsopano lomwe lalonjezedwalo mulilembe m'kaundula wanu.