Kalata yotsimikizira ntchito ndi malipiro: zofunika kudziwa musanapite ku boma la Ntcheu

Munthu wapantchito akafuna ngongole ku banki kapena viza yopitira kunja, chimodzi mwa zinthu zoyamba zomwe amafunsidwa ndi kalata yochokera kwa omulemba ntchito. Ambiri amaiyesa kapepala wamba kongofunika siginecha ndi chidindo. Koma kwa mphunzitsi wa ku Tsangano kapena namwino wa ku Kasinje, kalata yolembedwa mosasamala imatanthauza ulendo wachiwiri wa ku boma, ndalama zina za thiransipoti, ndipo nthawi zina kukanidwa kumene.

Mphamvu ya kalatayi ili pa zinthu ziwiri. Choyamba, zomwe yanena zigwirizane ndi peyisilipi, sitetimenti ya ku banki ndi chitupa cha unzika. Chachiwiri, woilandira athe kufunsa kwa amene anaisayina n'kumva zomwezo. Chimodzi mwa ziwirizi chikasowa, kukongola kwa pepala sikuthandiza kanthu.

Wobwereketsa ndi wa viza safuna zofanana

Banki, SACCO kapena kampani yobwereketsa ndalama imawerenga kalatayi ndi funso limodzi: kodi munthuyu adzakhala akulandirabe malipiro mpaka ngongole itatha? N'chifukwa chake imayang'ana ngati ntchitoyo ndi yokhazikika, ya kontirakiti kapena munthuyo akadali pa nthawi yoyesedwa. Wa kontirakiti yomwe ikutha pakatha miyezi 10 n'kovuta kumupatsa ngongole ya zaka zitatu, ndipo yemwe watsala pang'ono kupuma pantchito amawerengeredwa zaka zotsalazo.

Ofesi ya kazembe ili ndi funso lina: kodi munthuyu ali nazo ndalama za ulendo, nanga ali ndi chomubwezera kumudzi? Malangizo a boma la Britain kwa ofuna viza yokacheza amatchula kalata ya olemba ntchito yolembedwa papepala la dzina la bungwelo, yonena udindo wa munthu, malipiro ake ndi kutalika kwa nthawi yomwe wagwira. Pamwamba pa izi, kalata ya viza imalimba ikatchula masiku a tchuthi omwe avomerezedwa ndi tsiku lomwe munthuyo akuyembekezeka kubwerera pantchito. Masikuwo afanane ndi olembedwa pafomu ya viza. Maiko ngati Zambia, Mozambique ndi South Africa salira viza kwa Mmalawi wokacheza masiku ochepa, kotero kalatayi imafunika makamaka paulendo wa ku Ulaya, ku America ndi maiko ena akutali.

Palinso kalata ina yomwe anthu amaisokoneza ndi yotsimikizira ntchito. Mabanki ambiri amapereka fomu yawoyawo momwe olemba ntchito amalonjeza kuti malipiro a munthuyo apitiriza kudzera ku banki yomweyo mpaka ngongole itatha, ndiponso kuti adzadziwitsa bankiyo munthuyo akasiya ntchito. Kalata yoyamba ija imangochitira umboni, pomwe iyi imamanga ofesi palonjezo, motero si aliyense amene ali ndi mphamvu yoisayina. Ndi bwino kuyamba mwafunsa kwa obwereketsa kuti akufuna iti, n'kutengeratu fomu yawo musanakwere basi.

Woyenera kusayina ndani?

Apa ndi pomwe ambiri ogwira ntchito m'boma amapunthwa. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu ndi woyang'anira ntchito ya tsiku ndi tsiku, koma si iye wosunga faelo ya malipiro. Aphunzitsi a ku pulayimale ali pansi pa khonsolo ya Ntcheu, ndipo nkhani zawo za ntchito zimayendetsedwa ndi ofesi ya maphunziro ya paboma pamodzi ndi oona za anthu ogwira ntchito. Ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono za boma amadzera ku ofesi ya zaumoyo yomwe ili pachipatala chachikulu cha Ntcheu. Amene ali m'zipatala za mishoni, m'mabungwe omwe si aboma kapena m'makampani amapempha kwa akuluakulu a malo awo antchito, ndipo kawirikawiri kalata imachokera kulikulu, osati kunthambi.

Mwambo wa m'boma ndi wakuti pempho limalembedwa, ndipo limadzera kwa woyang'anira wapafupi. Mphunzitsi amalembera mkulu wa maphunziro paboma kudzera kwa mphunzitsi wamkulu, yemwe amasayina ndi kudinda kusonyeza kuti waliona. Pempholo likhale lalifupi, koma litchule dzina lonse monga lilili pachitupa cha unzika, nambala ya ntchito, giredi, malo antchito, tsiku loyamba ntchito, cholinga cha kalatayo, yemwe ikupita kwa iye, ndi tsiku lomwe ikufunika. Kalata yolembedwa kwa banki kapena kazembe wotchulidwa dzina imakhulupirika kuposa yongoti ipite kwa aliyense amene ikumukhudza. Pamodzi ndi pempholo pakhale fotokope ya peyisilipi yaposachedwa ndi ya chitupa, kuti wolemba kalata akopere manambala m'malo mongowakumbukira.

Chitsanzo cha mphunzitsi wa ku Tsangano

Tiyerekeze mphunzitsi wa pasukulu ina ku Tsangano yemwe akufuna ngongole yomalizira kufolera nyumba. Manambala otsatirawa ndi ongofanizira. Malipiro ake asanadulidwe ndi K450,000 pamwezi. Msonkho wa PAYE ndi penshoni pamodzi zimatenga K100,000, kutsala K350,000. Ali ndi ngongole yakale ku SACCO yomwe imadulidwa K60,000 pamwezi, motero ku akaunti yake kumalowa K290,000.

Kalata yomwe wapatsidwa paboma yangoti malipiro ake ndi K450,000, osanena kuti imeneyi ndi ndalama isanadulidwe. Tinene kuti banki yomwe wapitako ili ndi lamulo lakuti ngongole zonse za munthu zisadye zoposa K40 pa K100 iliyonse ya malipiro otsala msonkho ndi penshoni zikachotsedwa. Mphunzitsiyo, powerengera pa K450,000, akuyembekezera kuloledwa kubweza K180,000 pamwezi. Wa ku banki akuwerengera pa K350,000, ndipo akupeza K140,000. Pa imeneyo akuchotsapo K60,000 ya ku SACCO ija, kutsala K80,000 yokha. Ngongole yomwe angapatsidwe ndi yosafika theka la yomwe amaiganizira, ndipo malata omwe anawerengera sakwanira.

Vuto lachiwiri likubuka wa ku banki akaika mapepala atatu pamodzi. Kalata ikuti K450,000, sitetimenti ikuonetsa K290,000, ndipo palibe chofotokoza kusiyanako kupatula peyisilipi yomwe mphunzitsiyo waiiwala kunyumba. Fomu ikuikidwa pambali kudikira umboni. Kalatayo ikadanena mizere itatu, ya malipiro asanadulidwe, ya zodulidwa ndi ya zotsala, nkhani ikadatha tsiku lomwelo. Ndalama zapadera monga alawansi ziyeneranso kulembedwa pazokha, popeza obwereketsa ena saziwerengera ngati sizibwera mwezi uliwonse.

Kubisa ngongole yakale sikupindula. Kuchokera pomwe kunakhazikitsidwa lamulo la mabungwe osunga mbiri ya ngongole mu 2010, mabanki amatha kufufuza zomwe munthu anabwereka kwina ndi momwe akubwezera. Ngongole yodulidwa kumalipiro imaonekanso papeyisilipi pomwepo.

Zoyenera kuona musanatuluke muofesi

Kalata iwerengedwe wolembayo akadali pomwepo, pakuti kukonza cholakwika kumatenga mphindi zochepa muli paboma, koma tsiku lathunthu mukabwerera kumudzi. Dzina ndi loyamba kuliona. Chilembo chimodzi chosiyana pakati pa kalata, chitupa cha unzika ndi pasipoti, monga l m'malo mwa r, chimakwanira kuimitsa fomu. Amayi omwe analembedwa ntchito ndi dzina la kwawo koma pasipoti ili ndi dzina la kubanja apemphe kuti kalata itchule maina onse awiri, kapena aphatikize setifiketi ya ukwati.

Kenaka muone tsiku lomwe kalata yalembedwa. Obwereketsa ndi akazembe amafuna kalata yatsopano, ndipo aliyense ali ndi malire ake, kotero si nzeru kuitenga kudakali miyezi yambiri. Muonenso kuti pansi pa siginecha pali dzina ndi udindo wa wosayinayo, chidindo cha ofesi, komanso nambala ya foni kapena imelo ya ofesi yomwe ikugwira ntchito. Nambala ya mnzanu wapantchito si nambala ya ofesi. Ofufuza akaimba n'kuyankhidwa ndi munthu wosadziwa za kalatayo, chikaiko chimagwera mwini fomu. Kalata yopita kwa akazembe ilembedwe m'Chingerezi.

Ogwira ntchito kwa anthu wamba

Wogulitsa m'sitolo ku Lizulu kapena woyendetsa chigayo ku Kampepuza amalandira malipiro pamanja, ndipo nthawi zambiri alibe peyisilipi. Lamulo la zantchito la 2000 limati wolemba ntchito apereke kwa wantchito wake kapepala kofotokoza malipiro nthawi iliyonse yolandira, ndipo ngati ali ndi antchito osachepera asanu aperekenso chikalata chonena mfundo za ntchitoyo, kuphatikizapo malipiro. Yemwe akumanidwa mapepalawa akhoza kukadandaula ku ofesi ya zantchito ya paboma.

Komabe kalata ya mwini sitolo payokha ndi yopepuka ngati palibe china choichitira umboni. Wantchito wotere amene akulingalira zopempha ngongole kapena viza apemphe kuti malipiro ake azidzera ku banki kwa miyezi ingapo asanapereke fomu, kuti sitetimenti izionetsa ndalama yofanana ikulowa nthawi yofanana mwezi ndi mwezi. Kalata ya bwana itchule dzina la bizinesi monga linalembetsedwera, malo ake ndi nambala yake ya msonkho ya ku MRA ngati ilipo.

Kukweza malipiro papepala

Ena amanyengerera wolemba kalata kuti awonjezere malipiro, ndipo ena amagula kalata kwa madobadoba. Kupeka chikalata kapena kupereka chikalata chabodza ndi mlandu m'malamulo a dziko lino, ndipo ukhoza kugwera wopempha pamodzi ndi wosayina, kuwonjezera pa kuchotsedwa ntchito. Kumbali ya viza, malamulo a Britain amalola kukaniza munthu kulowa m'dzikolo kwa zaka 10 akapezeka kuti anapereka mapepala achinyengo, ndipo mafomu a maiko ena amafunsa ngati munthu anakanidwapo viza kwina.

Ngakhale chinyengocho chitapanda kugwidwa, masamu sasintha. Mphunzitsi uja akadapatsidwa ngongole yobweza K180,000 pamwezi, pa K290,000 yomwe imalowa ku akaunti pakadatsala K110,000 yoti adyetse banja, alipire fizi ndi kugula feteleza, mwezi ndi mwezi mpaka ngongoleyo itatha.