Tds, bd, 5/7: kodi dokotala walemba zotani papepala la mankhwala?

Masiku ano si zachilendo kuti munthu amene ali m'tauni alandire pa WhatsApp chithunzi cha tsamba la buku lakuchipatala kuchokera kwa mbale wake wakumudzi. Kawirikawiri uthenga wotsagana nacho umakhala waufupi: mankhwala ena kuchipatala kunalibe, atiuza kuti tikagule, tathandizeni. Wolandirayo akakuza chithunzicho amangoona timizere tokhotakhota, manambala ndi zilembo monga tds, bd ndi 5/7.

Zilembo zimenezi si chinsinsi cha madokotala. Zambiri ndi chidule cha mawu a Chilatini amene achipatala akhala akugwiritsa ntchito kuyambira kalekale, ndipo munthu wamba angathe kuziphunzira. Komabe kuzidziwa pakokha sikukwanira, chifukwa chithunzi chimabisa zinthu zina zimene zingachititse wodwala kumwa theka la mankhwala ake kapena kupyoza muyezo.

Tiyerekeze kuti mayi anu apita kuchipatala ndi chifuwa, ndipo pachithunzi chimene mwalandira pali mizere iwiri iyi:

```
Amoxicillin 500mg po tds x 5/7
PCM 1g po tds prn x 3/7
```

Mzere uliwonse, ukatchula dzina la mankhwala, umayankha mafunso anayi motsatizana: muyezo wake ndi wotani, alowe bwanji m'thupi, amwedwe kangati pa tsiku, komanso kwa nthawi yaitali bwanji. Mukaugawa motero, mzere umene unkaoneka wosokoneza umayamba kumveka.

Mzere woyamba

Mankhwala a pamzere woyamba ndi amokisilini, amene amapha tizilombo ta bakiteriya. Nambala ya 500mg ikutanthauza mamiligalamu 500, ndipo umenewu ndi muyezo woti amwe pa ulendo umodzi, osati pa tsiku lonse. Zilembo za po zikunena kuti mankhwalawo ndi akumwa. Akanakhala obaya, pakanalembedwa im, kutanthauza jakisoni wa mumnofu, kapena iv, kutanthauza wa mumtsempha.

Kenako pakubwera tds, imene ikutanthauza katatu pa tsiku. Ena amalemba tid koma tanthauzo lake ndi lomwelo. Zinzake za tds ndi od, kamodzi pa tsiku. Bd kapena bid, kawiri pa tsiku. Ndi qds kapena qid, kanayi pa tsiku. Pakalembedwa nocte ndiye kuti mankhwalawo ndi omwa usiku, mane ndi omwa m'mawa, pamene stat ndi omwa kamodzi kokha, nthawi yomweyo.

Katatu pa tsiku sikutanthauza kumwa katatu nthawi iliyonse imene munthu wakumbukira. Mankhwala opha tizilombo amafunika kuti mphamvu yake isatsike kwambiri m'magazi, choncho maulendo atatuwo atalikirane mofanana, pafupifupi maola 8. Mwachitsanzo, mayiwo angamwe 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana ndi 10 koloko usiku. Mankhwala a bd amatalikirana pafupifupi maola 12.

Kumapeto kwa mzerewo kuli 5/7, imene ambiri amaiyesa deti la pa 5 Julaye. Nambala yapansi ikuimira masiku 7 a pasabata, choncho 5/7 ndi masiku asanu. Mwa njira yomweyo, 2/52 ndi masabata awiri chifukwa chaka chili ndi masabata 52, ndipo 1/12 ndi mwezi umodzi chifukwa chaka chili ndi miyezi 12.

Mzere wonsewo tsopano ukuwerengeka motere: amwe amokisilini wa mamiligalamu 500, katatu pa tsiku, kwa masiku asanu.

Chimene chithunzi sichinena

Mzerewu sunatchule chiwerengero cha makapisozi, ndipo apa ndi pamene achibale ambiri amalakwitsa. Amokisilini amapezeka m'makapisozi a mamiligalamu 250 komanso a 500. Ngati mayiwo agula a 500, amwa kapisozi mmodzi pa ulendo uliwonse, ndipo onse pamodzi akhala 15. Ngati agula a 250, ayenera kumwa awiri pa ulendo uliwonse, ndipo onse pamodzi akhala 30.

Tsono taganizani kuti inu muli ku Lilongwe, mwawerenga tds, ndipo mwawauza pafoni kuti azimwa mmodzi katatu pa tsiku, pamene m'manja mwawo muli makapisozi a 250. Mayiwo akhala akumwa theka la muyezo. Matenda angathe osachoka, ndipo kumwa mankhwala opha tizilombo moperewera kumapereka mpata woti tizilomboto tiyambe kupima mankhwalawo.

N'chifukwa chake chithunzi cha zimene dokotala walemba chimafunika chinzake: chithunzi cha paketi kapena kapepala kapulasitiki kamene mwaikidwa mankhwalawo. Pamenepo wogawa mankhwala amalemba 1 x 3 kapena 2 x 3. Kuno kwathu nambala yoyamba nthawi zambiri imaimira mibulu yomwa pa ulendo umodzi, ndipo yachiwiri imaimira maulendo a pa tsiku. M'mayiko ena amatembenuza manambalawa, choncho amene ali kunja kapena walandira mankhwala ochokera kunja afunse kaye asanamwe.

Njira yosavuta yodziyesera ngati mwawerenga bwino ndi kuwerenga mibulu. Chulukitsani mibulu ya pa ulendo umodzi ndi maulendo a pa tsiku, kenako ndi masiku. Yankho lifanane ndi chiwerengero cha mibulu imene wodwala wapatsidwa. Ngati mayiwo ali ndi makapisozi 30 koma masamu anu akutuluka 15, penapake palakwika, ndipo ndi bwino kuimbira kufamase kumene anagula musanawauze kamwedwe.

Njira imeneyi imagwiranso ntchito pa LA, mankhwala a malungo amene aliyense amawadziwa. Munthu wamkulu wolemera makilogalamu 35 kapena kuposerapo amamwa mibulu inayi, kawiri pa tsiku, kwa masiku atatu, ndipo n'chifukwa chake paketi yake imakhala ndi mibulu 24. Koma LA akutionetsanso malire a zilembo zachidule. Ngakhale palembedwe bd, pa tsiku loyamba ulendo wachiwiri umabwera patatha maola 8 kuchokera pa woyamba, ndipo mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya chamafuta kapena mkaka. Zimenezi bd payokha sinena. Amafotokoza ndi wogawa mankhwala.

Mzere wachiwiri

PCM ndi chidule cha parasetamolo, amene ambiri timangomutcha panado. Muyezo wa 1g ndi galamu imodzi, imene ndi mamiligalamu 1,000. Popeza mbulu wa panado wa akuluakulu umakhala wa mamiligalamu 500, galamu imodzi ndi mibulu iwiri.

Chachilendo pamzerewu ndi prn, imene ikutanthauza kumwa pokhapokha pakafunika kutero. Ikaphatikizidwa ndi tds, ndiye kuti mayiwo amwe panado akamva kupweteka kapena thupi likatentha, koma asapyole katatu pa tsiku. Apa pali kusiyana kwakukulu pakati pa mizere iwiriyi. Amokisilini ayenera kumwedwa masiku onse amene alembedwa ngakhale wodwala atayamba kupeza bwino, pamene panado wa prn angasiyidwe ululu ukatha.

Prn si chilolezo choti munthu azimwa mmene wafunira. Munthu wamkulu sayenera kupyola magalamu anayi a panado, kutanthauza mibulu 8, m'maola 24, ndipo pakati pa ulendo wina ndi unzake pazidutsa maola osachepera anayi. Kupyoza muyezo kumawononga chiwindi, ndipo choopsa n'chakuti munthu angathe kuoneka bwinobwino tsiku loyamba chiwindicho chikuwonongeka. Mankhwala ambiri a chimfine amakhalanso ndi parasetamolo m'kati, choncho amene akumwa onse awiri awerengere pamodzi.

Pamene maso amanama

Ngakhale munthu atadziwa zilembo zonsezi, kalembedwe ka pamanja ndi chithunzi chosaoneka bwino zingamusocheretse. Polemba mothamanga, od imafanana ndi bd, chifukwa kusiyana kwake ndi kamzere kamodzi kokha koimirira. Kamzereko kakasowa m'mthunzi, kapena cholembera chikangokhudza pepala pamalo olakwika, mankhwala a kamodzi pa tsiku asanduka a kawiri. Pa mankhwala a kuthamanga kwa magazi kapena a shuga, kulakwitsa kotereku kungagwetse munthu. Chimodzimodzi qd, imene ena amalemba potanthauza kamodzi pa tsiku, imasokonezeka ndi qid, imene ndi kanayi.

Choopsa china ndi kadontho kapakati pa manambala. Mankhwala amadzi a ana amayezedwa m'mamililita, ndipo mwana akhoza kulemberedwa 2.5ml. Chithunzi chikatumizidwa pafoni chimataya kuwala kwina, ndipo kadontho kamene kanalembedwa mopepuka kangafufutike n'kuoneka ngati 25ml, muyezo wochuluka kakhumi. Pepala lopindika pamalo pomwepo limachitanso zomwezo. Muyezo wa mwana umadaliranso kulemera kwake ndi mphamvu ya mankhwala a m'botolo, popeza botolo lina limalembedwa 125mg/5ml pamene lina 250mg/5ml. Poyeza gwiritsani ntchito kasupuni kapena kakapu kamene kabwera ndi botololo, osati supuni yakukhitchini, chifukwa masupuni a m'nyumba amasiyana kukula.

Samalaninso ndi mcg, imene ndi maikulogalamu. Miligalamu imodzi ili ndi mamaikulogalamu 1,000, choncho kuwerenga mg pamene palembedwa mcg ndi kulakwitsa kwakukulu zedi.

Zambiri mwa zovutazi zimachepa ngati chithunzi chajambulidwa bwino. Pepala liyalidwe patebulo, pamalo owala koma popanda mthunzi wa dzanja, ndipo foni ilunjike pamwamba penipeni, osati chammbali. Tsamba lonse lioneke, kuphatikizapo dzina la wodwala ndi deti, chifukwa m'buku lakuchipatala mumakhala zolemba za maulendo ambiri ndipo n'kosavuta kujambula mankhwala a chaka chatha. Kumbukiraninso kuti tsambalo lili ndi chinsinsi cha matenda a munthu. Litumizidwe kwa amene akuthandiza yekha, osati m'gulu la banja lonse.

Chilembo chimodzi chikakhala chosaoneka, musalote. Wodwala kapena womusamalira abwerere ndi buku lenilenilo kwa amene analemba kapena kwa wogawa mankhwala, ndipo anene yekha mokweza mmene wamvera: makapisozi awiri, katatu pa tsiku, kwa masiku asanu. Ngati wamva molakwika, wogawayo amukonza pomwepo, mbulu woyamba usanamezedwe.