Chakumutu cha a Kabaza M'chisanu ndi M'fumbi

Akabaza a njinga zamoto onyamula anthu pakati pa Mitundu ndi Nathenje ndimawaona atavala zakumutu zamitundu iwiri: balakalava, chipewa chophimba mutu wonse n'kusiya maso okha, ndi kansalu kozungulira kopanda mfundo kamene umakalowetsa m'khosi n'kukakokera pamphuno. Ena amangogula chimene chapezeka pa kaunjika, koma ntchito zake n'zosiyana.

M'mawa wa Juni ndi Julaye, mwera ukamawomba, balakalava ndiye mwini bwalo. Imatseka makutu ndi chipumi, malo amene mphepo imaluma kwambiri njinga ikathamanga. Dzina lake linachokera ku Balaklava, ku Crimea, kumene asilikali a ku Britain anazunzika ndi chisanu mu 1854. Koma balakalava yaubweya wokhuthala imathinitsa chisoti, ndipo mpweya wotuluka m'mphuno ukakwera m'mwamba, galasi la chisoti limachita nkhungu. Sankhani yopyapyala, yogwira bwino pamphuno.

Ikafika Okutobala, ine ndimatsamira ku kansalu ka m'khosi. Balakalava imasanduka ng'anjo, pomwe kansaluka kamateteza khosi ndi masaya kudzuwa, ndipo mukaima pa siteji mumangokatsitsa. Vuto lake n'lakuti kamatsetsereka m'mabampu. Kalowetseni pansi pa lamba wa chisoti.

Pa fumbi zonse ziwiri n'zoperewera. Nsalu imagwira dothi lokhuthala, koma fumbi losalala limadutsa ndithu. Yang'anitsani nsaluyo padzuwa: ngati kuwala kukudutsa m'timabowo, ipindeni pawiri, ndipo muziichapa madzulo aliwonse.