Lipoti la ngozi yapamsewu: mmene mungakonzere zimene munalemba mtima uli m'mwamba

Ngozi yapamsewu ikachitika, dalaivala amafotokoza nkhani imodzimodziyo m'malo angapo. Apolisi apamsewu amafuna sitetimenti. Kampani ya inshuwalansi imapereka fomu yokhala ndi malo ofotokozerapo mmene ngoziyo inachitikira, nthawi zambiri ndi malo ojambulapo mmene magalimoto anakhalira. Ngati galimotoyo ndi yakuntchito, abwana nawonso amafuna lipoti lawo. Nkhani ikakula n'kufika kukhoti, mapepala onsewa amatha kuikidwa patebulo limodzi, ndipo loya wa mbali inayo amawawerenga pofunafuna pamene akutsutsana. Anthu onsewa panalibe pangoziyo. Chimene ali nacho ndi mawu anu, mawu a dalaivala winayo, mawu a mboni, zithunzi, ndi zimene apolisi anayeza pamsewupo.

Vuto n'lakuti munthu amalemba koyamba manja akunjenjemera. Tiyerekeze dalaivala wa pikapu yakuntchito amene wawombana ndi minibasi pa Nathenje, pamsewu wa M1, akuchokera ku Dedza kupita ku Lilongwe. Usiku womwewo akulemba motere:

"Bwana, zimene zandichitikira lero sindinazionepo zaka zonse zimene ndayendetsa galimoto. Anthu a maminibasiwa ndi anthu opanda nzeru, amayendetsa ngati msewu ndi wa bambo awo. Munthuyo anali ataledzera, ndikulumbira. Anangotulukira ali pa liwiro loopsa n'kundiwomba. Ine ndinali nditachedwa kale chifukwa ku Dedza anandisunga nthawi yaitali, ndiye mwina ndikanapanda kufulumira sizikanachitika, pepani kwambiri. Galimoto yaphwanyikiratu. Kondakitala wake anayamba kunditukwana pamaso pa anthu. Khosi likundipweteka, mwina lathyoka. Komanso kunali kamvula. Ndili ndi ana anayi, chonde musandichotse ntchito."

Kalata imeneyi musaing'ambe. Yalembedwa zinthu zikadali m'maso, ndipo muli mfundo zimene munthu angaiwale pakatha sabata, monga kamvula kaja. Koma musaipereke. Aliyense woiwerenga sangadziwe nthawi imene ngoziyo inachitika, kumene minibasi inachokera, kapena mbali ya galimoto imene inagundidwa. Chimene angatolemo n'chakuti dalaivalayu anali wokwiya ndipo akuvomera yekha kuti ankafulumira.

Ntchito yoyamba ndi kutenga chiganizo chilichonse n'kuchifunsa kuti: kodi zimenezi ndinaziona kapena kuzimva ndi makutu anga, kapena ndikungoganiza? Chiganizo chakuti "anali ataledzera" ndi chigamulo, ndipo amene angachitsimikize ndi apolisi kapena achipatala atamuyeza munthuyo. Komabe pansi pa chigamulocho pangakhale chinthu chenicheni. Ngati dalaivalayu anamva fungo la mowa pamene ankalankhula ndi mnzakeyo, alembe zomwezo, kuti anamva fungo la mowa ataima naye pafupi ndipo anauza wapolisi amene anafika pamalopo. Ngati sanamve kalikonse, koma wangoganiza choncho chifukwa cha kayendetsedwe, chiganizocho chichoke chonse. Kunena munthu kuti anali ataledzera popanda umboni kumagwetsa amene wanenayo, chifukwa zikapezeka kuti si zoona, wowerenga amayamba kukayikira ngakhale mfundo zina zimene zinali zoona.

Mawu akuti "liwiro loopsa" nawonso ndi msampha. Tikamufunsa bwinobwino dalaivala wathuyu, tipeza kuti minibasi inali itaima m'mbali mwa msewu kumanzere ikukweza anthu, kenako inalowa mumsewu. Galimoto imene yangonyamuka kumene singakhale pa liwiro loopsa. Cholakwika chimene iye anaona ndi china: minibasi inalowa mumsewu pikapu itayandikira kale, ndipo iye sanaone indiketa. Mkwiyo unamulembetsa mlandu wolakwika n'kumuiwalitsa mfundo imene ikanamuthandiza. Pano pakufunikanso kusamala ndi kalembedwe. "Sanayatse indiketa" ndi "sindinaone indiketa ikuyaka" si chinthu chimodzi. Choyambacho chikhoza kutsutsidwa ndi mboni imodzi yokha. Chachiwiricho ndi chimene munthu angaimepo mpaka kumapeto, chifukwa akunena za maso ake.

Chiganizo chovuta kwambiri ndi chija chonena za kuchedwa ndi kufulumira. Ambiri angathamangire kungochifufuta, koma kukonza lipoti si kubisa zoona. Ngati dalaivalayu ankayendetsa mopitirira liwiro lololedwa pamalopo, asalembe liwiro labodza, pakuti kutalika kwa zizindikiro za matayala pamsewu, kukula kwa kuwonongeka, ndi kachipangizo kolondolera galimoto kamene makampani ambiri amaika masiku ano, zikhoza kumutsutsa. Kunama pa fomu ya inshuwalansi kungachititse kuti kampaniyo ikane kulipira, ndipo kunamiza apolisi ndi mlandu pawokha. Chofunika ndi kusiyanitsa mfundo ndi kudziimba mlandu. Mfundo ndi liwiro limene ankayendera. Ngati anayang'ana pa mita, alitchule. Ngati sanayang'ane, alembe kuti akuyerekeza. Koma mawu akuti "ndikanapanda kufulumira sizikanachitika" ndi chisoni cha munthu amene wadzidzimuka, ndipo iye mwini sakudziwa ngati n'zoona. Kugawa kulakwa ndi ntchito ya apolisi, a inshuwalansi ndi khoti, ndipo khoti likhoza kupeza kuti mbali zonse ziwiri zinalakwitsa n'kuchepetsa chipukutamisozi molingana ndi gawo la aliyense. Ndiponso mapangano ambiri a inshuwalansi ya galimoto amaletsa mwini galimoto kapena dalaivala kuvomera kulakwa kapena kulonjeza kulipira kampaniyo isanalole. Ife timapepesa pachilichonse, ngakhale mnzathu akapunthwa yekha, ndipo ndi khalidwe labwino. Koma "pepani" wolembedwa m'lipoti amatha kuwerengedwa ngati kuvomera mlandu.

Zotsalazo sizivuta. "Galimoto yaphwanyikiratu" isinthidwe n'kutchula ziwalo zimene zawonongeka, mtengo wake usiyidwe kwa a galaja ndi woyesa kuwonongeka wa inshuwalansi. "Mwina khosi lathyoka" isinthidwe n'kunena pamene pakupweteka, nthawi imene ululu unayamba, ndi zimene achipatala analemba m'buku. Zaka zimene wayendetsa galimoto, khalidwe la madalaivala a maminibasi, kutukwana kwa kondakitala, zonsezi sizikufotokoza mmene magalimoto anagundirana. Nkhani ya ana anayi ndi yoona ndipo ndi yolemera, koma malo ake ndi pokambirana ndi abwana kapena m'kalata ina, osati m'pepala limene lingakafike kwa loya wa mwini minibasi.

Mfundo zikasankhidwa, zimaikidwa mwa ndondomeko ya nthawi, kuyambira ngozi isanachitike, kugundana kwenikweniko, mpaka zimene zinatsatira. Lipoti la dalaivala uja likhoza kutuluka motere:

"Pa 14 Malichi, cha m'ma 4:30 madzulo, ndinkayendetsa pikapu ya kampani pamsewu wa M1 kuchokera ku Dedza kupita ku Lilongwe. Ndinali ndekha ndipo ndinamanga lamba. Kunkagwa mvula yowaza, msewu unali wonyowa, koma patsogolo pankaoneka bwino. Nditafika pa Nathenje ndinkayenda pafupifupi makilomita 50 pa ola. Apa ndikuyerekeza chifukwa sindinayang'ane pa mita nthawi imeneyo. Ndinaona minibasi yoyera itaima kunja kwa msewu kumanzere, italoza ku Lilongwe. Nditatsala mtunda wokwana magalimoto atatu kuti ndiifike, inalowa mumsewu. Sindinaone indiketa ikuyaka. Ndinaponda mabuleki ndi kuliza hutala. Sindinakhotere kumanja chifukwa kunkabwera lole. Kutsogolo kwa pikapu, mbali ya kumanzere, kunagunda minibasi m'mbali ya kumanja, chakumbuyo. Ndinaima pomwepo, ndinayatsa magetsi ochenjeza, ndinaika matirayango, ndipo ndinafunsa ngati alipo wavulala. Mayi mmodzi wa m'minibasi anati bondo likumupweteka. Ndinaimbira apolisi, kenako abwana. Ndinajambula zithunzi magalimoto asanasunthidwe. Pa pikapu pawonongeka bampala, nyali ya kumanzere ndi boneti. Khosi linayamba kundipweteka madzulo omwewo ndipo ndinapita kuchipatala m'mawa mwake."

Pansi pake pamabwera nambala za magalimoto onse awiri, dzina ndi nambala ya laisensi ya dalaivala winayo, kampani ya inshuwalansi yolembedwa pa kapepala ka pagalasi la minibasi, mayina ndi mafoni a mboni, dzina la wapolisi ndi polisi imene akuchokera, tsiku lolemba, ndi siginecha.

Taonani kuti m'lipoti limeneli mulibe pamene akunena kuti wa minibasi ndiye wolakwa, komabe wowerenga akuona yekha mmene zinakhalira. Taonaninso kuti muli zinthu ziwiri zimene dalaivala akanakonda kuzisiya: kuti sanayang'ane pa mita, ndi kuti mayi wina anadandaula bondo. Zimenezi n'zimene zimapangitsa lipoti kukhulupirika. Za mayiyo n'zofunika kwambiri, chifukwa inshuwalansi imene lamulo la zapamsewu la 1997 limakakamiza magalimoto kukhala nayo ndi yoteteza anthu ena ovulazidwa kapena kuwonongeredwa katundu. Mayi ameneyu akhoza kudzafuna chipukutamisozi patatha miyezi, ndipo kampani ya inshuwalansi imafuna kudziwa za iye kuyambira pachiyambi. Mtunda wayezedwa ndi magalimoto osati mamita chifukwa ndi mmene dalaivalayo anauonera. Nambala yopeka yooneka ngati yolondola kwambiri imavuta kuiteteza munthu akafunsidwa kuti anayeza bwanji.

Kudekha sikutanthauza kuchedwa. Ngozi inenedwe kupolisi mwamsanga, ndipo kampani ya inshuwalansi idziwitsidwe mkati mwa masiku olembedwa m'pangano lanu. Kugona usiku umodzi musanakonze lipoti lakuntchito kapena fomu kumathandiza, koma kudikira masabata kumaiwalitsa zinthu. Mukamaliza, muwerengere munthu amene sakudziwa nkhaniyo ndipo mumupemphe ajambule papepala mmene magalimoto anakhalira. Akalephera kapena akajambula mosiyana, ndiye kuti penapake simunafotokoze bwino.

Kupolisi zimasiyana pang'ono, chifukwa kawirikawiri wolemba ndi wapolisi, inu mumangofotokoza, ndipo nthawi zina mumalankhula Chichewa iye akulemba Chingelezi. Apa m'pamene "sindinaone" amasanduka "sanayatse", kapena "pafupifupi" amasowa. Musanasaine, werengani sitetimentiyo kapena pemphani kuti akuwerengereni m'chilankhulo chimene mukumva, ndipo pamene pasiyana ndi zimene mwanena pakonzedwe nthawi yomweyo. Ngati munthu wafa kapena wavulala kwambiri, kapena apolisi akuuzani kuti akukuganizirani mlandu, Malamulo Oyendetsera Dziko amakupatsani ufulu wokhala chete ndi woonana ndi loya. Amene alibe ndalama akhoza kukapempha thandizo ku bungwe la boma lopereka maloya kwa osowa. Mukadzakumbukira china pambuyo pake, musasinthe lipoti loyamba mwakachetechete, koma lembani chowonjezera chokhala ndi tsiku lake. Pepala lililonse limene mwapereka, lijambuleni pafoni kapena sungani kope lake, kuti zimene mudzanene kwa a inshuwalansi zifanane ndi zimene munasainira kupolisi.