Kompyuta ya AutoCAD: ndalama zikachepa, ziyambe kupita pati?

Pulogalamu ya AutoCAD, imene akatswiri ojambula mapulani a nyumba ndi makina amagwiritsa ntchito, imasenzetsa ntchito yake yambiri chigawo chimodzi chokha cha purosesa. Choncho purosesa ya zigawo zinayi zothamanga kwambiri imajambula bwino kuposa ya zigawo khumi ndi ziwiri zoyenda pang'onopang'ono, ngakhale yachiwiriyi ndi imene ogulitsa amakonda kuichemerera.

Zimenezi zimaoneka mu Task Manager. Pulani yaikulu ikamatseguka mochedwa, kompyuta ya zigawo zisanu ndi zitatu imatha kuonetsa kuti purosesa ikugwira ntchito 13 peresenti yokha. Munthu angaganize kuti ikupuma, pomwe chigawo chimodzi chalemedwa kotheratu, zinazo zili manja lende. Mu Task Manager momwemo, Memory ikamafika pafupi kudzaza, vuto ndi RAM, ndipo kuikweza kuchoka pa 8 GB kufika pa 16 GB n'kotsika mtengo kuposa kugula makina ena. Disk ikakakamira pa 100 peresenti, disiki yakale yozungulira ija ichoke, m'malo mwake mulowe SSD.

Khadi la zithunzi limabwera pambuyo pa zonsezi. Wojambula mapulani afulati a nyumba safunika khadi lodula. La masewera la 4 GB limakwanira. Makhadi monga NVIDIA Quadro amayamba kufunika pozunguza makina a tizidutswa tambirimbiri mu SolidWorks, ndipo amapezeka motsika mtengo m'makompyuta akaunjika a Dell Precision kapena HP Z. Pogula akaunjikawa, purosesa ya Intel isachepere m'badwo wachisanu ndi chitatu, chifukwa Windows 11 savomereza zambiri zakale kuposa pamenepo.

Laputopu zambiri zili ndi makhadi awiri, ndipo nthawi zina AutoCAD imasankha lofooka. Izi zimakonzedwa mu Settings, pa Display kenako Graphics, popatsa pulogalamuyi High performance. Lamulo la GRAPHICSCONFIG limasonyeza khadi lomwe likugwira ntchito komanso ngati Hardware Acceleration yayatsidwa.

Mausi imanamiziritsa khadi milandu yambiri. Mausi zamasewera zimatumiza uthenga ku kompyuta ka 1000 pa sekondi, ndipo pa makina ofooka kamtanda kolozera kamayenda modumphadumpha. Kutsitsa Polling Rate kufika pa 125 Hz mu pulogalamu ya mausiyo kawirikawiri kumathetsa vutoli popanda kulipira kanthu. Kagudumu kapakati kakakanika kukoka pulani, kapena kakamakulitsa chithunzi modzidzimutsa, malamulo awiri awa amathandiza:

```
MBUTTONPAN 1
ZOOMFACTOR 30
```

Loyamba limabwezera kagudumu ntchito yokoka pulani kakadinidwa. Lachiwiri limabwera lili pa 60, ndipo likatsitsidwa chithunzi chimakula pang'onopang'ono. Zikakanikabe, ndiye kuti pulogalamu ya mausi yapatsa kagudumuko ntchito ina, ndipo kayenera kubwezeredwa pa Middle Click. Pogula mausi, ndi bwino kudina kagudumu kangapo m'sitolo momwemo, poti kolimba kamatopetsa chala tsiku lisanathe.